Masekondi 30 oyamba a ulaliki wa pa foni

Munthu akalowa m'tchalitchi n'kukhala pansi, sangatuluke chifukwa choti mlaliki wachedwa ndi malonje. Amadikira. Pa foni zinthu n'zina: chala chili chire, ndipo bandulo ikutha. Achinyamata amene amadula tizigawo ta ulaliki n'kuika pa YouTube amakonda kuyang'ana chiwerengero cha anthu amene atsegula kanemayo, n'kusangalala. Koma chiwerengerocho sichinena ngati anthuwo anamva uthenga kapena anathawa mlaliki akadapereka moni.

Yankho lili mu YouTube Studio. Mukasankha kanema n'kutsegula Analytics, kenako Engagement, mupeza mzere woyambira kumanzere n'kumatsika kupita kumanja. Kumanzere ndi poyambira kanema, kumanja ndi pothera, ndipo kutalika kwa mzerewo pamalo alionse kukusonyeza anthu amene anali akuonerabe pa sekondi imeneyo. Pali nambala ina yolembedwa Intro, yonena kuti mwa anthu 100 alionse, ndi angati anafika pa sekondi ya 30. Musathamangire kuiona tsiku lomwelo, chifukwa manambalawa amatenga tsiku limodzi kapena awiri kuti akhazikike, komanso Intro imaoneka kanema akakhala wa masekondi 60 kapena kuposa ndipo waoneredwa kosachepera ka 100.

Tiyerekeze ndi kanema wa mphindi zitatu wochokera pa ulaliki wa mwana wolowerera, pa Luka 15. Akuyamba ndi chizindikiro cha mpingo chikuzungulira kwa masekondi 8, nyimbo ikulira. Kenako mlaliki akupereka ulemu kwa abusa, kwa amayi busa, kwa akulu a mpingo ndi kwa alendo. Lemba likuwerengedwa pa sekondi ya 40. Tinene kuti atsegula anthu 400, ndipo Intro ikuti 45%. Ndiye kuti 220 achoka asanamve ngakhale vesi limodzi, atsala 180. Mukayendetsa chala pa mzerewo, kanema amasonyeza malo enieni pamene anthu anagwa. Ngati phompho lili pa masekondi 8 oyamba, mlandu ndi wa chizindikiro chija. Ngati lili pakati pa malonje, mwadziwa podula.

Tsopano dulani ulaliki wina wotalika chimodzimodzi, koma muyambire pamene mlaliki akufunsa funso, monga lakuti mwana amene wamwaza chuma cha bambo ake angalandiridwe bwanji akabwerera. Dzina la mpingo lilembedwe pansi pa chithunzi, osaimitsa mawu. Intro ikakwera kufika 70%, mwa anthu 400 omwewo mwasunga 280. Malonje ndi ulemu wathu, ndipo m'tchalitchi ayenera kukhalapo. Koma amene akuonera ali m'minibasi sanali m'gulu la opatsidwa moniwo, choncho kuwachotsa mu kanema si mwano.

Apa m'pamene ambiri amapusitsika. Intro yokwera siitanthauza kuti anthu afika kumapeto. Kanema woyamba ndi kukuwa, kapena ndi lonjezo la chozizwitsa chimene chikubwera, amagwira anthu masekondi 30 mosavuta. Lonjezolo likachedwa kapena likapezeka lopanda kanthu, mzere umagweratu pakati. N'chifukwa chake muyenera kuyang'ananso kumanja kwenikweni kwa mzere, pamodzi ndi Average percentage viewed. Pa kanema wa masekondi 180, ngati anthu akuonera pafupifupi masekondi 54, ndiye 30% basi. Chiyambi chabwino n'chimene chimalonjeza zomwe ulalikiwo ukwaniritsadi, ndipo chimadziwika ndi mzere wotsika pang'onopang'ono mpaka kumapeto. Ine ndimaona kuti mpingo wokopa anthu ndi lonjezo labodza wataya chinthu chachikulu kuposa oonera.

Pena mzere umatukuka pakati, pamene YouTube imalemba kuti Spike. Anthu anabwereza pamenepo. Mwina mawuwo anawakhudza, ndipo angakhale poyambira pabwino pa kanema wotsatira. Koma mwinanso maikolofoni inasokosera ndipo sanamve. Mvetserani nokha musanagamule.

Onaninso kumene oonerawo achokera, pansi pa Reach. Ngati ambiri anabwera kudzera pa linki yomwe inatumizidwa m'gulu la mpingo, amenewo ndi anu kale, amapirira malonje chifukwa mlaliki amamudziwa. Mzere wawo sungakuuzeni za mlendo. Ndipo kanema amene watumizidwa yense pa WhatsApp, osati linki, sabweretsa mzere uliwonse, ngakhale atazungulira dziko lonse.

Musagamule ndi makanema awiri okha, ndipo musayerekeze wa mphindi imodzi ndi wa mphindi khumi. Tengani kope, mulembe kanema aliyense, mmene anayambira, Intro yake ndi kuchuluka kwa amene anafika kumapeto. Sinthani chiyambi chokha, zina zonse zikhale momwemo, ndipo mupereke chigamulo makanema ofanana kutalika akakwana khumi.