Sikiripiti ikalakwa, mubwerera pati?

Tiyerekeze kampani yogulitsa zipangizo zomangira nyumba imene ili ndi masitolo atatu. Bwana akafika mu ofesi m'mawa amapeza lipoti la malonda a dzulo lili kale pa kompyuta, chonsecho palibe kalaliki amene analawirira kudzawonkhetsa. Ntchitoyo imagwiridwa ndi kafayilo kotchedwa `refresh.sh`, kamene kamadzuka kokha 5 koloko m'mawa, n'kutenga mafayilo a malonda a sitolo iliyonse, kuwaphatikiza, ndi kulemba lipoti latsopano m'malo mwa lakale. Kafayilo kotere, kokhala ndi malamulo amene kompyuta imatsata mzere ndi mzere, amakatcha sikiripiti.

Sikiripiti yotere siikhala chimodzimodzi chaka chonse. Lero foda yasamuka, mawa kwatsegulidwa sitolo ina, ndipo amene amaisamala amatsegula fayilo, kusintha mizere ingapo, n'kutseka. Ambiri amadziteteza posunga makope: `refresh_old.sh`, `refresh_old2.sh`, `refresh_final.sh`. Pakatha miyezi itatu, mwini wake yemwe sakumbukiranso kuti kope labwino ndi liti, kapena chimene chinasintha pakati pa lina ndi linzake.

Vuto limeneli ndi limene Git imathetsa. Git ndi pulogalamu yaulere imene Linus Torvalds anayamba kulemba mu 2005 kuti izisunga mbiri ya kusintha kwa Linux. Imagwira ngati kaundula wa foda yanu. Mukasintha fayilo n'kuiuza kuti isunge, imalemba chimene chasintha, amene wasintha, tsiku lake, ndi mawu ofotokoza amene mwalemba nokha. Sitepe iliyonse yosungidwa imatchedwa `commit`, ndipo imapatsidwa nambala yakeyake ya zilembo ndi manambala 40, ngakhale kawirikawiri 7 zoyamba zimakwanira kuitchulira. Kuyamba kwake n'kosavuta. Muli mu foda ya sikiripitiyo, mumalemba:

```
git init
git add refresh.sh
git commit -m "Sikiripiti mmene ikugwirira lero"
```

Koma kungokhala ndi Git sikukwanira. Phindu lake lagona pa kukula kwa sitepe zimene mukusunga. Tiyeni tibwerere ku kampani ija.

Lolemba lina kwatsegulidwa sitolo yachinayi, ndipo mayi amene amasamala sikiripiti ali ndi zinthu zitatu zoti akonze. Akusintha njira ya ku foda chifukwa mafayilo asamukira kwina. Akuwonjezera sitolo yatsopanoyo pa mndandanda. Kenako akuona kuti fayilo ya sitolo yatsopano ili ndi mizere iwiri ya mitu pamwamba, pamene sikiripiti imadumpha mzere umodzi wokha. Ndiye akusintha `tail -n +2`, lamulo loti yambira pa mzere wachiwiri, kukhala `tail -n +3`. Akuyesa, lipoti likutuluka, akuweruka.

Lachinayi, woyang'anira ndalama akubwera ndi pepala m'manja. "Mayi, ndalama za m'bokosi zikuposa za mu lipoti, ndipo lero ndi tsiku lachitatu." Kusiyanako si kwakukulu: pena matumba awiri a simenti, pena malata asanu. Sikiripiti sinaime, sinalembe uthenga uliwonse wa vuto. Zolakwa za mtundu uwu ndizo zopweteka kwambiri, chifukwa zimabisala m'lipoti looneka bwinobwino.

Zikanakhala kuti mayiwo anasunga zonse zitatu pamodzi ndi mawu oti "ndakonza zinazake", akanasowa pogwira. Kubweza sitepe imeneyo kukanabwezanso foda yakale imene mulibenso mafayilo, kukanachotsanso sitolo yatsopano. Koma iwo anasunga chinthu chilichonse pachokha, ndiye atalemba `git log --oneline` anaona izi, zatsopano zili pamwamba:

```
9c41e07 Dumpha mizere 2 ya mitu, osati 1
5b7d2aa Onjezera sitolo yachinayi
e08f3c1 Samutsa njira ya foda ya malonda
```

Mawu a pamwambawo anawagwira mtima nthawi yomweyo. Lamulo la `git show 9c41e07` linaonetsa mzere umodzi wokha wosinthidwa: wakale uli ndi chizindikiro cha `-` kumayambiriro, watsopano uli ndi `+`. Chifukwa chinaonekera poyera. Mafayilo a masitolo atatu akale ali ndi mzere umodzi wa mitu, choncho kudumpha mizere iwiri kunkataya malonda oyamba a tsikulo pa sitolo iliyonse. Atawerenga mizere ya mu lipoti n'kufananiza ndi mafayilo, anapezadi kuti tsiku lililonse pakusowa mizere itatu.

Kubweza kunatenga lamulo limodzi:

```
git revert 9c41e07
```

Lamulo limeneli silifufuta mbiri. Limalemba sitepe yatsopano imene ndi yosemphana ndi yolakwikayo, ndipo zina ziwiri zija zimakhala mmene zinalili. Pali lamulo lina, `git reset --hard`, limene limabwereranso m'mbuyo, koma ilo limachotsa pa mndandanda sitepe zonse zobwera pambuyo, n'kutayanso zimene munasintha koma simunasunge. Pa sikiripiti imene anthu akuidalira tsiku ndi tsiku, `git revert` ndi imene ili yotetezeka. Atabweza, mayiwo anakonza vuto la mitu pa sitolo yachinayi yokha, n'kusunga monga sitepe ina, kenako anayendetsanso sikiripiti pa masiku atatu aja.

Nanga sitepe yaing'ono timaidziwa bwanji? Muyezo wake si kuchuluka kwa mizere ayi, koma cholinga. Ngati pofotokoza mukufunika kunena kuti "ndiponso", ndiye kuti muli zinthu ziwiri, zigaweni. Musanasunge, `git diff` imakuonetsani zonse zimene mwasintha, ndipo nthawi zambiri ndi pamenepa pamene mumagwira nambala yolembedwa molakwika. Ngati mwasintha kale zambiri nthawi imodzi, `git add -p` imakufunsani chigawo ndi chigawo, inu n'kumayankha `y` kapena `n`, kuti musunge zogwirizana zokhazokha.

Mawu ofotokoza nawo ali ndi mwambo wake. Mzere woyamba ukhale waufupi, zilembo pafupifupi 50, wonena chimene chasintha. Kenako siyani mzere wopanda kanthu, mulembe chifukwa chake. Chimene chasintha Git ingathe kukuonetsani yokha, koma chifukwa chimakhala m'mutu mwanu mokha, ndipo mutu umaiwala. Chiganizo chimodzi choti "fayilo ya sitolo yachinayi ili ndi mitu iwiri" chimauza wobwera pambuyo panu zimene munkaganiza, ndiponso pamene ganizolo linaphonya.

Git ili ndi malire ake. Imabweza sikiripiti, siibweza zimene sikiripiti yachita kale. Mayi aja anapulumuka chifukwa mafayilo a masitolo anali akadalipo. Sikiripitiyo ikanakhala kuti inawafufuta, `git revert` sikanawaukitsa; zimenezo zimafuna kope losungidwa padera. Chachiwiri, mawu achinsinsi olowera m'makompyuta asalowe mu Git, chifukwa akangosungidwa amatsalira m'mbiri ngakhale mutawachotsa mu fayilo, ndipo chotsala ndi kuwasintha basi. Aikeni mu fayilo ina, dzina lake mulilembe mu `.gitignore` kuti Git iziilambalala. Chachitatu, mukachedwa kubweza ndipo mzere womwewo wasinthidwanso kangapo, Git imaima n'kulemba kuti `CONFLICT`, kudikira kuti musankhe nokha mzere woyenera. Sitepe ikakhala yaing'ono, kusankhako kumakhala pa mzere umodzi kapena iwiri.

Lachisanu m'mawa woyang'anira ndalama anafananiza lipoti ndi za m'bokosi, ndipo zinagwirizana mpaka pa tambala. Chimene chinapulumutsa mayi aja chinachitika Lolemba lija, pamene anasunga katatu m'malo mwa kamodzi, n'kulemba mawu omveka ulendo uliwonse, asanadziwe n'komwe kuti alakwitsa.