Tsiku Limodzi Lophunzitsa Ogulitsa m'Golosale

Mukapatsidwa tsiku limodzi lophunzitsa anyamata ndi atsikana ogulitsa m'golosale, musalithere polankhula nokha. M'mawa kambiranani za moni ndi chenji: wogulitsa awerenge ndalama mokweza wogula akuona, asanaziponye m'kabati. Ola limodzi likwana.

Nthawi yambiri ipite ku sewero. Mmodzi akhale mayi amene wabweza paketi ya shuga yonyowa, wina akhale wogulitsa. Kawirikawiri wogulitsa amathamangira kunena kuti, “Mwainyowetsa nokha.” Pamenepo imitsani sewerolo, mufunse anzake kuti mayiyo wamva bwanji. Kenaka abwereze. Amvetsere mpaka mayiyo amalize, apepese, ayang'ane paketiyo, ndipo anene chimene angathe kuchita: “Pepani mayi, ndikusinthirani ina.” Aliyense ayesere mbali zonse ziwiri, ngakhale wamanyazi, chifukwa amene wangoonerera amakabwerera ku chizolowezi chake.

Masana nkhani ikhale ya ngongole, ndipo mwini golosale asasowe. Iyeyo anene poyera amene angakongole, malire a ndalama zake, ndi katundu amene wantchito angasinthe yekha. Popanda chilolezo chimenecho, wogulitsa adzangoyankha kuti, “Abwana kulibe, mubwere mawa.”