Yankho walasa, koma wadzera kuti?

Masiku ano mphunzitsi wa masamu sachonga makope okha. Chiyambire 2020, pamene sukulu zinatsekedwa chifukwa cha mliri wa Covid-19, ana ambiri anazolowera kulemba ntchito m'kope, kuijambula pa foni n'kuitumiza pa WhatsApp. Mphunzitsi amatsegula chithunzi usiku, mwana ali kutali, osatha kumufunsa kuti apa unkatanthauza chiyani. Apa m'pamene pamabuka funso lomwe limakanganitsa makolo ndi aphunzitsi: yankho la kumapeto likakhala lolondola koma njira yake yosaoneka kapena yosamveka, kodi mwana apatsidwe malikisi onse?

Tiyeni titenge samu imodzi ya malikisi atatu, yoti mwana apeze x.

```
3(x - 2) = x + 4
```

Njira yake ndi yaifupi. Ukachulukitsa za m'mabulaketi ndi 3 upeza 3x - 6 = x + 4. Ukasonkhanitsa ma x mbali imodzi, manambala mbali ina, upeza 2x = 10. Ukagawa ndi 2, x ndi 5. Wochonga amagawa malikisi atatuwo motsata masitepe amenewa: imodzi pa kutsegula mabulaketi, ina pa kusonkhanitsa, yomaliza pa yankho. Mabungwe a mayeso monga Cambridge amalemba chilembo M pa malikisi a njira ndi A pa malikisi a yankho lolondola, ndipo A amatsamira pa M. Tanthauzo lake n'lakuti yankho si munda wapadera, ndi zokolola za njirayo.

Tsopano tiyerekeze kuti ana atatu atumiza zithunzi, ndipo onse alemba x = 5.

Woyamba walemba yankho lokha basi. Apa wochonga asathamangire kumuganizira kuti wakopera. Ayambe wabwerera ku mawu a funso. Ngati funso langoti pezani x, lapempha nambala, ndipo mwana wabweretsa nambalayo. Malangizo ochongera a mabungwe ambiri amalola malikisi onse zikatero, chifukwa samu yaing'ono chotere ena amaiwerengera m'mutu. Koma ngati funso lati onetsani njira yonse, kapena latchula njira yoti mwana atsate, ndiye kuti chomwe chikugulidwa ndi njirayo, ndipo yankho lopanda njira silingatenge malikisi onse. Zimafika poipa funso likakhala loti sonyezani kuti x ndi 5. Pamenepo yankho laperekedwa kale ndi wofunsa, choncho kulilembanso sikupindula kanthu.

Wachiwiri walemba mizere iwiri yokha, 2x = 10 kenako x = 5. Wadumpha sitepe, koma palibe chabodza chomwe walemba. Munthu sangafike pa 2x = 10 asanatsegule mabulaketi ndi kusonkhanitsa bwino, ndiye mzere umodziwo ukuchitira umboni masitepe awiri. Ameneyu ayenera malikisi onse. Kumulanda chifukwa njira yake sikufanana ndi ya pa bolodi n'kulanga mwana chifukwa choti ndi wochangamuka.

Wachitatu ndiye wadzaza mizere, ndipo poyang'ana mwachangu ntchito yake ikuoneka yaudongo kuposa ya anzake.

```
3x + 6 = x + 4
3x - x = 4 + 6
2x = 10
x = 5
```

Mzere woyamba ndi wolakwika, chifukwa 3 kuchulukitsa ndi -2 ndi -6, osati +6. Mzere wachiwiri sukutuluka mu woyambawo: 6 wawoloka kupita mbali ina osasintha chizindikiro. Mwanayu akanatsata bwino mzere wake woyamba akanapeza 2x = -2, ndiye x akanakhala -1. Zolakwa ziwiri zafafanizana, yankho n'kutuluka lolondola. Pali njira yosavuta yogwirira zoterezi, yomwe ngakhale kholo lingaiyese kunyumba: ikani yankho mu mzere uliwonse. Pa mzere woyamba, 5 akupereka 21 kumanzere ndi 9 kumanja. Sizikufanana, ndiye unyolo wadukira pomwepo. Pa malamulo a mayeso ambiri, yankho lolondola lochokera m'njira yoonekeratu kuti ndi yolakwika silipata malikisi a yankho.

Ena amadandaula kuti si chilungamo kuti wosalemba kanthu apate zonse, wolemba zambiri n'kutaya. Dandaulo limeneli n'lomveka, koma kusiyana kulipo. Pa mwana woyamba wochonga alibe umboni woti sakudziwa. Pa wachitatu umboni uli papepala, wolembedwa ndi dzanja lake lomwe. Mukamupatsa malikisi onse mwamuuza kuti nambala imawoloka osasintha chizindikiro, ndipo pa samu yotsatira, pomwe sipadzakhala cholakwa chachiwiri chomupulumutsa, adzagwa osadziwa chamugwetsa.

Komabe tisaiwale kuti chomwe mphunzitsi wagwira si kope, ndi chithunzi cha kope. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Chigamulo chonse pa mwana wachitatu chakhala pa kamzere kamodzi koimirira, komwe kasandutsa chizindikiro chochotsera kukhala chophatikizira. Kamzere kotere kakhoza kukhala popindika pepala, inki yoonekera kuchokera kuseri kwa tsamba, kapena mzere wa timabokosi ta m'kope la masamu. Chithunzi chikatumizidwa pa WhatsApp mwa nthawi zonse chimachepetsedwa kuti chisadye bandulo, ndipo tizizindikiro ting'onoting'ono timafufuma, makamaka ngati mwana analemba ndi pensulo n'kujambula pa kuwala kwa kandulo. Ngati papepala palidi -6, mizere inayi yonseyo ndi yolondola ndipo mwanayo ayenera malikisi atatu. Wochonga akulitse chithunzi, afanizire chizindikirocho ndi cha pa x + 4 mu mzere womwewo, aone ngati kamzereko kakupitirira m'mwamba ndi m'munsi mwa zolemba. Kakapitirira, si dzanja la mwana.

Chimodzimodzi ndi mwana woyamba uja. Njira yosaoneka pa chithunzi si njira yosalembedwa. Ana ambiri amawerengera m'mphepete mwa tsamba kapena kumbuyo kwa kope, n'kujambula pokhapo pamene pali yankho lodulidwa mzere kunsi. Zizindikiro zake zimaoneka: zilembo zodukira pakati m'mbali mwa chithunzi, kamuvi koloza kunja, kapena ntchito yoyambira pakati popanda nambala ya funso. Pa ntchito ya kunyumba mankhwala ake ndi apafupi. Mphunzitsi aimitse kaye malikisi, apemphe chithunzi cha tsamba lonse makona anayi akuoneka, chojambulidwa masana. Ngati ndi mayeso omwe nthawi yake yatha, chithunzi chatsopano sichingadaliridwe, chifukwa mwana akhoza kuwonjezera zolemba, ndiye wochonga agamule pa zomwe zikuwerengeka. Lamulo limeneli ana aziuzidwa asanayambe kulemba.

Pali mwana winanso amene amapeza yankho poyesa manambala, n'kulemba kuti 3 kuchulukitsa ndi 3 ndi 9, ndipo 5 kuphatikiza 4 ndi 9. Pa samu yathuyi umboni umenewu ndi wokwana ngati funso silinatchule njira, popeza samu ya mtundu uwu ili ndi yankho limodzi lokha. Koma pa samu ngati x² = 5x kuyesa 5 sikukwanira. Nambalayo ikugwira, komatu 0 nayenso ndi yankho, ndipo amene wapeza 5 yekha wafika theka la ulendo.

Choncho mwana akabwera akulira kuti yankho ndinakhoza koma aphunzitsi andilanda malikisi, musayambe ndi kuyang'ana mzere womaliza. Werengani naye mawu a funso, ikani yankho lake mu mzere uliwonse, kenako mutsegule kope lenilenilo muone ngati likunena zomwe chithunzi chinanena. Vuto likakhala la chithunzi, pitani ndi kopelo kwa aphunzitsi. Likakhala la mzere wina, mwapeza pomwe mwana ayambire kukonza.