Ntchito yatha, mafayilo apite ndi mawu ake

Achinyamata ambiri ojambula pa kompyuta amatseka ntchito ndi mawu awiri okha pa WhatsApp: "Ndatumiza, bwana." Pamwamba pa mawuwo pamakhala zithunzi zondondozana, zopanda mayina. Kasitomala amathokoza, ndalama zimalowa pa Airtel Money kapena Mpamba, aliyense n'kuyamba zake. Vuto limadzatulukira pakapita miyezi, kasitomala ataima pa kawuntala ya osindikiza, akufunsidwa fayilo yomwe sakuidziwa, wojambula uja foni yake isakupezeka. Uthenga wotsekera ntchito uyenera kulembedwa ndi tsiku limenelo m'maganizo, chifukwa ndi umene udzayankhulire wojambula iye kulibe.

Tiyerekeze mayi wina amene amapanga chiponde n'kumagulitsa m'mabotolo. Wapatsa mnyamata ntchito yomujambulira logo, sitika yomata pabotolo ndi kapepala kotsatsa malonda ka A5. Agwirizana, akonzakonza, mayi wakhutira. Chotsala n'kupereka katundu, ndipo katundu wake ndi mafayilo.

Logo imodzi siyenda m'fayilo imodzi. Ya PNG ndi yoika pa Facebook kapena pamwamba pa chithunzi, chifukwa kumbuyo kwake kumatha kukhala kopanda mtundu uliwonse, logo n'kukhala bwino paliponse. Koma PNG imapangidwa ndi timadontho towerengeka. Osindikiza amafuna timadontho 300 pa inchi iliyonse, kotero logo ya timadontho 600 m'lifupi imakwana bwino pa sitika ya masentimita 5. Mukaikokera pa chikwangwani cha mamita awiri, timadontho tija timatupa, zilembo n'kuoneka ngati zadyedwa ndi chiswe m'mbali. N'chifukwa chake pamafunikanso fayilo ya SVG, kapena PDF yosungidwa ndi mizere yake, imene imakula mpaka pakhoma la sitolo osaphwanyika. Mayi wa chiponde sakuyenera kuloweza zonsezi. Akungofuna kuuzidwa kuti iyi ndi ya pafoni, iyi n'njopita nayo kwa osindikiza, ndipo dzina la fayilo lokha likhoza kunena zimenezo:

```
logo-ya-pafoni.png
logo-ya-chikwangwani.svg
sitika-yosindikiza.pdf
kapepala-A5-kosindikiza.pdf
```

Fayilo yotchedwa `final2-new.pdf` imamveka kwa mwini wake yekha, ndipo nayenso pakatha mwezi amakhala ataiwala kuti yeniyeni ndi iti.

Mafayilo osindikiza ali ndi zake zofunika kuzitchula. Kapepala ka A5 ndi ka mamilimita 148 kwa 210, koma wojambula amawonjezera mamilimita atatu mbali zonse kuti mpeni wodulira ukaphonya pang'ono pasatsale kamzere koyera. Mayi akatsegula fayiloyo n'kuona tizizindikiro m'makona angaganize kuti yalakwika, choncho amuuziretu. Mitundu nayonso imasintha: foni imawala ndi RGB, makina osindikizira amathira inki ya CMYK, ndipo kufiira kowala kwa pafoni kumatuluka kozimiririka pang'ono papepala. Chiganizo chimodzi cholangiza kuti ayambe asindikiza sitika imodzi yoyeserera chimapulumutsa ndalama za masitika mazana. Za zilembo, wojambula wosamala amazisandutsa mizere asanasunge fayilo, apo ayi kompyuta ya osindikiza, ikasowa mtundu wa zilembo womwe iye anagwiritsa ntchito, imaikapo wake. Mudzaizindikira ntchito yotere mukaona dzina la malonda litadumphira mzere wachiwiri.

Njira yotumizira ndi pamene ntchito yabwino imawonongekera kawirikawiri. Chithunzi chikatumizidwa pa WhatsApp ngati chithunzi wamba, chimafinyidwa kuti chisadye bandulo, ndipo PNG ija imataya kumbuyo kwake kopanda mtundu, logo n'kufika ili m'bokosi loyera kapena lakuda. Ikatumizidwa ngati Document imafika momwe ilili. Gmail salola kumata mafayilo oposa 25 MB, ndiye ambiri amaika zonse pa Google Drive n'kutumiza linki. Zili bwino, bola uthenga unene kuti linkiyo ikhalapo mpaka liti. Malo aulere pa Google Drive ndi 15 GB, ndipo wojambula akadzaza amafufuta zakale, osakumbuka kuti mayi wa chiponde sanakopere kalikonse.

Uthenga wonse ungamveke motere:

"Mayi, mwaswera bwanji? Ntchito ija yatha, ndipo mafayilo onse anayi ali pa linki ili m'munsiyi. Ya `logo-ya-pafoni.png` muziika pa Facebook ndi WhatsApp. Zitatu zinazo n'zopita nazo kwa osindikiza, ndipo powatumizira muzisankha Document. Muyambe mwasindikiza sitika imodzi muone mtundu wake. Linkiyi ikhalapo mpaka pa 30 mwezi wamawa, choncho mukopere pa fulashi kapena pa imelo yanu. Ndalama zonse ndalandira, palibe chotsala. Mukapeza chilembo cholakwika m'sabata ziwiri zikubwerazi ndikonza kwaulere; kusintha kamangidwe kapena kuwonjezera zina ikhala ntchito yatsopano. Mukatsegula mundiuze ngati onse atseguka. Munanena kuti mukufuna kuyamba botolo laling'ono. Sitika yake sichedwa popeza logo ndi mitundu zilipo kale, mungondiuza kukula kwa botololo. Zikomo kwambiri pondikhulupirira."

Ena amachita manyazi kulemba za ndalama ndi malire a zokonzakonza, amati zikumveka ngati kuthamangitsa munthu. Ine ndimaona kuti mwano weniweni umabwera pambuyo, mayi akapempha kachisanu kuti nambala ya foni isinthidwe, mnyamata atatopa n'kungosiya kuyankha. Malire onenedwa mwaulemu pa tsiku lomwe aliyense ali wokondwa savuta kumva. Ngati pali ndalama yotsala, apa ndi pomwe itchulidwe ndi tsiku lake, ndipo ojambula ambiri amadikira kuti ilowe asanatumize mafayilo osindikiza.

Palinso fayilo imene wojambula amagwirirapo ntchito, ya AI, PSD kapena CDR, yomwe munthu wina angatsegule n'kusintha chilichonse. Ena amaipereka, ena amaigulitsa padera, ena amaisunga. Zonsezi zimachitika, koma uthenga unene chimene chasankhidwa, kuti mayi asadzadabwe wojambula wina akadzamufunsa.

Mawu oitanira ntchito ina amakhala kumapeto, ndipo afupike. "Mukadzafuna chilichonse mundiuze" ndi ulemu chabe, palibe amene amaukumbukira. Mnyamata uja watchula botolo laling'ono chifukwa anamva mayi akulinena, ndipo wasonyeza chifukwa chake kubwerera kwa iye kuli kosavuta kusiyana ndi kuyamba ndi mlendo. Akhozanso kupempha chilolezo choonetsa sitikayo kwa makasitomala ena, makamaka ngati malondawo sanafike pamsika. Chimene asachite n'kulonjeza mtengo wa ntchito yamtsogolo. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 iliyonse, ndipo amene analemba kuti "mtengo ukhala womwewu" anadzagwira ntchito yongobwezera bandulo ndi magetsi. Alembe kuti mtengo adzautchula akadzaona kukula kwa ntchitoyo.