Chithunzi chowoloka masikirini awiri pa foni

Kuyambira mu 2014, pomwe kampani ya Google inatulutsa Android 5.0, olemba mapulogalamu a pafoni ali ndi njira yosamutsira chinthu chimodzi kuchoka pa sikirini ina kupita pa inzake osachizimitsa, kotero kuti munthu akadina kachithunzi ka nsapato pamndandanda wa malonda, amakaona kakusendera ndi kukula mpaka kukhazikika pamwamba pa tsamba lofotokoza mtengo. Phindu lake n'lakuti diso silitaya chimene linali kutsatira.

Chithunzicho kwenikweni sichiyenda. Zilipo ziwiri, china pamndandanda ndi china pa tsamba latsopano, ndipo chowalumikiza ndi dzina limodzi lomwe zonse zimapatsidwa kudzera pa `transitionName`. Foni imayeza malo ndi kukula kwa choyambacho, kenako imajambula chachiwiricho pamalo omwewo ndi pamsinkhu womwewo, n'kuchikuza pang'onopang'ono kufikira pamalo ake enieni, ntchito yomwe mwachizolowezi imatenga mamilisekondi 300, ndiko kuti zosakwana theka la sekondi. Wolemba pulogalamu amauyambitsa ulendowu motere:

```
startActivity(intent, ActivityOptions.makeSceneTransitionAnimation(this, chithunzi, "nsapato_42").toBundle())
```

Nambala 42 ili ndi ntchito yaikulu, chifukwa mizere yonse ya mndandanda ikakhala ndi dzina lofanana, foni siidziwa chithunzi chobwererako munthu akadina batani lobwerera, ndipo nsapato imatha kukatera pamzere wa malaya.

Vuto lalikulu, lomwe limabisala pa intaneti yothamanga koma n'kuonekera poyera netiweki ikafooka, ndi la nthawi. Ngati tsamba lachiwiri likudikirabe chithunzi kuchokera pa intaneti, foni imayeza malo opanda kanthu, ndipo munthu amaona kuphethira, kapena chithunzi chikulumpha m'malo moyenda. Mankhwala ake ndi kuimika kusinthako ndi `postponeEnterTransition()` tsamba likamatsegulidwa, kenako n'kukumasula ndi `startPostponedEnterTransition()` chithunzi chikafika ndi kuyezedwa. Apa m'pomwe pafunika chisamaliro, pakuti lamulo lachiwirili liyenera kuitanidwa ngakhale chithunzi chitalephera kubwera; kupanda kutero, pulogalamu imaoneka ngati yauma ndipo mwini foni amangodinadina osayankhidwa. Njira yanzeru koposa ndi kuyamba ulendo ndi kachithunzi kakang'ono komwe kali kale m'foni, chachikulucho n'kulowa m'malo mwake pambuyo pake.

Sikirini yomwe imadzijambulanso maulendo 60 pa sekondi imapereka mafelemu 18 okha paulendo wonsewo, felemu kukhala chojambula chimodzi chosayenda, ndipo iliyonse iyenera kukonzeka m'mamilisekondi pafupifupi 16. Foni yotsika mtengo ikamatsegula chithunzi cholemera nthawi yomweyo, imadumpha mafelemu ena ndipo kuyendako kumadukaduka. Pofuna kupeza pomwe pakulakwika, woyesa amalowa mu `Developer options` n'kuika `Animator duration scale` pa `5x`, zomwe zimachedwetsa kuyendako kasanu mpaka kulumpha kulikonse kuoneke ndi maso.