Invoisi yakunja ilibe VAT, koma msonkho ulipo: amalipira ndi wogula

Katundu wochokera kunja akafika pa chipata cha Mwanza, Dedza kapena Songwe, sadutsa mwakachetechete. Akasitomu amaona mapepala, amawerengera misonkho, ndipo VAT imalipidwa katunduyo asanatulutsidwe. Koma masiku ano makampani ambiri amagula kunja zinthu zomwe sizikwera lole: pulogalamu ya pakompyuta, upangiri wa loya kapena injiniya, malo osungira mafayilo pa intaneti, malonda otsatsidwa pa masamba a mchezo. Zoterezi zimalowa m'dziko popanda chipata, ndipo invoisi yake imabwera malo a VAT ali opanda kanthu. Ambiri akaona choncho amangoti apulumuka, pomwe msonkho ulipo ndithu, wangosintha mwini wake.

Pa malonda a tsiku ndi tsiku, wogulitsa ndiye amatolera VAT kwa wogula n'kukaipereka ku boma. Vuto n'lakuti kampani ya ku Johannesburg kapena ku Dubai sili m'kaundula wa bungwe lotolera misonkho la MRA, ndipo MRA ilibe mphamvu zokaigogodera pakhomo. Choncho lamulo limatembenuza udindo: amene walandira ntchitoyo ndiye amadziwerengera msonkho n'kuulemba pa fomu yake. Ma invoisi ochokera ku Ulaya nthawi zambiri amakhala ndi mawu akuti "Reverse charge", kudziwitsa wogula kuti nkhani ya VAT yatsala m'manja mwake. Ku Malawi, lamulo la VAT la mu 2005 limanena kuti msonkho wa ntchito yochokera kunja amalipira ndi wolandira ntchitoyo.

Cholinga chake ndi chilungamo pa msika. Pakanapanda lamuloli, katswiri wa makompyuta wa ku Lilongwe, yemwe amaika VAT pa mtengo wake, akanamaoneka wodula nthawi zonse poyerekeza ndi mnzake wakunja wochita ntchito yomweyo.

Tiyerekeze kampani yosindikiza mabuku ya ku Blantyre, yolembetsedwa pa VAT, yomwe yagula laisensi ya chaka ya pulogalamu yokonzera masamba pa mtengo wa madola 2,000. Akauntanti amayamba ndi kusintha ndalamayo kukhala makwacha pa mtengo wovomerezeka wa nthawi imene ntchitoyo yaperekedwa. Tinene kuti dola ili pa K1,750. Ndiye kuti laisensiyo ndi ya K3,500,000. Kenako amawerengera VAT. Mlingo wake umasinthidwa ndi boma, choncho wogwiritsa ntchito ndi womwe ulipo pa nthawiyo. Pano titenge 16.5 peresenti, womwe Malawi anali nawo kwa zaka zambiri. Msonkho ukhala K577,500.

Ndalama imeneyi satumizira wogulitsa. Wogulitsa alandira za pa invoisi yake basi. Akauntanti amalemba K577,500 mbali ya msonkho womwe kampani ikuyenera kupereka, ngati kuti kampaniyo yadzigulitsa yokha laisensiyo. Ndipo popeza pulogalamuyo ikugwira ntchito pa malonda omwe kampani imadulapo VAT, monga kusindikiza makalendala ndi zikwangwani, K577,500 yomweyo imalembedwanso mbali ya msonkho wa zogula, womwe kampani ili ndi ufulu wochotsera. Mbali ziwirizi zikakumana zimafafanizana.

Apa ndi pomwe ena amafunsa kuti, ngati zotsatira zake ndi ziro, kulemberanji? Yankho lili pa sukulu yoima payokha yomwe yagula laisensi ya mtengo womwewo, yosungira mayina ndi zotsatira za mayeso a ana. Maphunziro ali m'gulu la ntchito zomwe sizidulidwa VAT, monganso chithandizo cha kuchipatala. Amene sadula VAT pa zomwe amagulitsa sabwezeredwa VAT ya zomwe amagula. Kwa sukuluyo, mbali yachiwiri ija palibe. K577,500 ndi ndalama yeniyeni yotuluka m'thumba, ndipo laisensi yomwe bajeti inati ndi ya K3,500,000 yafika pa K4,077,500. Bizinesi yomwe imachita zonse ziwiri, malonda odulidwa VAT ndi osadulidwa, imachotsera gawo chabe, malinga ndi mmene ntchito yogulidwayo yagawikira. Boma silingadziwe kuti wogula ali m'gulu liti ngati sanalembe, n'chifukwa chake ngakhale wa ziro ayenera kuonetsa masamu ake.

Mayiko sayendetsa nkhaniyi mofanana, ndipo wochita bizinesi kunja asatengere za kwawo. Ku Britain, komwe VAT ndi 20 peresenti, zonse zimathera pa fomu imodzi: msonkho umalembedwa mu bokosi 1 ndi kuchotseredwa mu bokosi 4, pomwe mtengo wa ntchitoyo umalowa mu bokosi 6 ndi 7. Kumeneko mtengo wa ntchito zogulidwa kunja umawerengedwanso poona ngati bizinesi yafika pa mapaundi 90,000 pa chaka, mlingo wokakamiza kulembetsa VAT, moti bizinesi yaing'ono ingathe kudutsa malirewo chifukwa cha zomwe yagula. Ku South Africa, msonkho wa ntchito zakunja umagwera okhawo omwe sakuzigwiritsa ntchito pa malonda odulidwa VAT, choncho kampani yonga yosindikiza ija siilemba n'komwe. Ku Zambia lamulo ndi lolimba kwambiri: ngati wogulitsa wakunja sanasankhe womuimira pa za msonkho m'dzikomo, wogula amalipira 16 peresenti ndipo sabwezeredwa. Kampani ya ku Chipata ikamakambirana mtengo ndi wakunja, funso la womuimirayo liyenera kubwera mgwirizano usanasainidwe.

Zolakwika zomwe zimapezeka kawirikawiri ndi zosavuta kuzizindikira. Chachikulu ndi kungolemba invoisiyo ngati ndalama yowonongedwa, VAT osaikhudza. Ofufuza za misonkho savutika nazo: amatenga masitetimenti a kubanki, n'kuona ndalama zonse zomwe zinatumizidwa kunja, n'kufunsa kuti msonkho wake uli pati pa mafomu. Ukapezeka palibe, amaitanitsa wa zaka zam'mbuyo, pamwamba pake chiwongoladzanja ndi chindapusa. Zolipira zing'onozing'ono za mwezi ndi mwezi zodulidwa pa khadi ndizo zimaiwalika kwambiri, chifukwa invoisi yake imakhala mu imelo ya munthu mmodzi, osafika ku ofesi ya za ndalama.

China ndi kusokoneza VAT ndi msonkho wodulidwa pa ndalama zolipira anthu ndi makampani osakhala m'dziko, womwe ku Malawi nthawi zambiri ndi 15 peresenti pokhapokha pangano la misonkho pakati pa mayiko litauchepetsa. Imeneyi ndi misonkho iwiri yosiyana. Wina umachotsedwa pa ndalama ya wogulitsa, pomwe VAT imawerengeredwa pa mtengo wonse wa ntchitoyo, chisanachotsedwe chilichonse. Kulipira umodzi sikumasula ku unzake.

Nthawi zina wogulitsa amaika molakwika VAT ya dziko lake pa invoisi. Imeneyo MRA singaibweze, popeza sinailandire. Njira ndi kubweza invoisiyo, kuonetsa umboni woti wogula ndi bizinesi ya kunja kwa dziko la wogulitsayo, ndi kupempha ina yokonzedwa.

Amene amalipira ntchito kunja aone sitetimenti ya kubanki ndi ya khadi mwezi uliwonse, apatule zonse zopita kunja, ndipo asunge pamodzi invoisi, umboni wa mtengo wosinthira ndalama ndi masamu a msonkho. Ku Malawi fomu ya VAT imayenera kufika ku MRA pofika pa 25 mwezi wotsatira.