Mjigo usanakumbidwe, dziwani oti mulankhule nawo

Bungwe likalonjeza mjigo, komiti ya chitukuko cha m'mudzi, ya VDC, imathamangira kuitanitsa msonkhano umodzi wa anthu onse. Olankhula pamenepo amakhala akuluakulu okhaokha, ndipo madandaulo amadzatuluka galimoto yokumba itafika kale. N'chifukwa chake ndimalimbikira kuti komiti iyambe yakhala pansi ndi pepala lalikulu.

Lembani onse okhudzidwa, kenako jambulani mtanda wogawa pepalalo panayi. M'mwamba mukhale amphamvu, m'munsi ochepa mphamvu. Kumanja achidwi chachikulu, kumanzere achidwi chochepa. Pa dzina lililonse funsani mafunso awiri. Kodi munthuyu angathe kuimitsa kapena kufulumizitsa ntchitoyi? Nanga mjigowu usintha chiyani pa moyo wake?

Mphamvu yake ndi ya pa nkhani imeneyi, osati ya udindo chabe. Gogo wina amene m'munda mwake akatswiri apezamo madzi alibe mpando uliwonse, koma akakana, ntchito yaima. Iyeyo, nyakwawa ndi a ofesi ya zamadzi ku khonsolo ali m'mwamba chakumanja. Awa sauzidwa zinthu zitatha kale. Mumapita kwawo, kumva maganizo awo, ndipo zomwe mwagwirizana, makamaka za malo, zilembedwe pamaso pa mboni.

Gogo Chalo ndi phungu ali ndi mphamvu, koma mjigo umodzi si nkhani yowasowetsa tulo. Uthenga waufupi wodzera ku komiti ya ADC ndi wokwanira, bola asamve za ntchitoyi kwa anthu apanjira. A m'midzi yakutali omwe ali kale ndi madzi, chilengezo cha kutchalitchi kapena kumzikiti chiwakwanira.

Pomwe mtima wanga uli ndi m'munsi chakumanja, mwa amayi ndi atsikana otunga madzi. Malangizo ozolowereka amati gulu lotere muzingolidziwitsa zomwe zikuchitika. Ine ndikuti sizokwanira. Iwowa ndi amene akudziwa njira yomwe imadzaza madzi m'dzinja, ndiponso ndalama yomwe banja lingathe kusonkha pamwezi yogulira zipangizo mjigo ukawonongeka. Kumanani nawo paokha, masana ntchito zikachepa, wotsogolera zokambirana akhale mayi mnzawo. Zomwe anena zikafike ku VDC, ndipo ena mwa iwo alowe m'komiti yoyang'anira mjigo. Mukawadumpha mudzadziwira apa: mjigo uli chilili, zopereka sizikubwera, ndowa zikuloza kudambo ngati kale.

Mayina sakhazikika pamalo amodzi. Chisankho chikayandikira, chidwi cha phungu ndi khansala chimakwera. Mlangizi wa zaumoyo amene munamuika m'munsi amakwera m'mwamba tsiku lomwe wapeza kuti malo osankhidwawo ayandikana kwambiri ndi zimbudzi. Choncho lembani ndi pensulo, muunikenso musanasankhe malo, musanakumbe, komanso musanapereke mjigo kwa eni ake. Pepalalo alisunge mlembi; musalipachike pamtengo wa pabwalo, poti palibe amene angakondwe kuona dzina lake pa ochepa mphamvu.